Timu imodzi yokha yandidula

Achinyamata anzanga, anyamata ndi atsikana, lero tikambirane za kubetcha, kwa m'mashopu ndi kwa pafoni komwe. Sindiyamba ndi funso lakuti kubetcha ndi tchimo kapena ayi, chifukwa ambiri mwa inu munalimva kale ndipo mayankho ake munakonzeratu. Ndikufuna tiwerengere limodzi masamu a tikiti imodzi. Amene muli ndi foni tsegulani kakyuleta, muzitsimikiza nokha nambala iliyonse imene nditchule. Ndalama ndizingotchula manambala, 1,000 kapena 5,000, inu muziika m'maganizo ndalama zimene mumagwiritsa ntchito.

Mwa mawu onse amene achinyamata obetcha amanena akabwera kudzapempha uphungu, amene amamveka kawirikawiri ndi awa: "Ndinatsala pang'ono, timu imodzi yokha ndiyo yandidula." Munthu amawanena modandaula, koma mkati mwake muli chiyembekezo chakuti njira waipeza, chatsala ndi mwayi pang'ono chabe. Mawu amenewa ndi amene amamubwezera ku shopu Loweruka lotsatira, choncho tiyeni tione kumene amachokera.

Tiyambe ndi chinthu chophweka. Mukaponya kobiri m'mwamba, ikhoza kugwera mbali iyi kapena inayo, mwayi wake ndi wofanana. Kubetcha kwachilungamo kukanakhala kwakuti woika 1,000 akawina alandire 2,000, ndiye kuti maodzi a 2.00. Koma kampani siipereka 2.00. Imapereka mwina 1.90 mbali zonse ziwiri. Wina waika 1,000 mbali iyi, mnzake waika 1,000 mbali inayo, kampani yatolera 2,000. Kobiri ikagwa, wowinayo alandira 1,900, ndipo 100 yatsala m'thumba la kampani. Ilibe nazo kanthu kuti wawina ndani. Phindu lake linalowa kale m'maodzi masewero asanayambe.

Pa mpira ndi chimodzimodzi, kungoti phindulo labisika pakati pa manambala atatu. Tiyerekeze gemu imene timu ya pakhomo yapatsidwa 2.10, kufanana mphamvu 3.30, timu yochokera kwina 3.40. Gawani 100 ndi nambala iliyonse. Mupeza 47.6, kenako 30.3, kenako 29.4. Awa ndi maperesenti a mwayi umene kampani ikukugulitsani. Popeza gemu iyenera kutha m'njira imodzi mwa zitatuzi, mukawaphatikiza amayenera kukwana 100 ndendende. Koma akukwana 107.3. Kapamwambako ndiko chakudya cha kampani: pa 100 iliyonse imene anthu aika pa gemu imeneyi, pafupifupi 93 ndi imene imabwerera kwa obetcha, 7 imatsala. Mukhoza kuchita masamu amenewa pa gemu iliyonse imene ili pa apu yanu, ndipo simudzapeza gemu imene manambala ake akwana 100 kapena kuchepera.

Wina anganene kuti 7 pa 100 si zambiri. Zoona, zikanakhala kuti anthu amabetchera gemu imodzi, kamodzi, n'kupita kunyumba. Koma achinyamata ambiri sabetcha choncho. Kuika 1,000 kuti uwine 400 sikusangalatsa, ndiye amasanja matimu ambiri pa tikiti imodzi kuti maodzi achulukane. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Tengani tikiti ya matimu 10, onse akuluakulu, onse "osaluza", iliyonse ili ndi maodzi a 1.40. Mukachulukitsa 1.40 kakhumi mupeza 28.9, ndiye kuti 1,000 yanu ikuoneka ngati ibereka 28,900. Pa sikirini nambala imeneyi imaonekera ndi zilembo zikuluzikulu. Chimene sichionekera ndi mwayi wake. Maodzi a 1.40 akunena maperesenti 71, koma tikachotsapo gawo la kampani lija, mwayi weniweni wa timu yotere ndi pafupifupi kawiri pa katatu. Ndiye kuti timu yamphamvu imeneyi ikasewera magemu atatu otere, imodzi imafanana mphamvu kapena kugonja. Amene mumaonera mpira mukudziwa kuti izi si zachilendo. Mu 2022, pa mpikisano wa dziko lonse ku Qatar, Saudi Arabia inagonjetsa Argentina 2-1, ndipo Argentina yomweyo ndi imene inadzatenga chikho. Mu 2016 Leicester City inatenga ligi ya ku England pamene makampani obetcha anali ataipatsa mwayi wa 5,000 kwa 1 nyengo isanayambe.

Tsopano matimu onse 10 ayenera kuwina tsiku limodzi. Chulukitsani 0.667 kakhumi, mupeza 0.017. Kutanthauza kuti tikiti yotere imadutsa kamodzi pa matikiti pafupifupi 58. Imani pamenepo muyerekeze manambala awiriwa: mwayi ndi kamodzi pa 58, koma malipiro ndi kuchulukitsa ka 29. Munthu amene wagula matikiti 58 otere wataya 58,000, ndipo zikamuyendera monga masamu anenera alandira 28,900. Theka la ndalama zake lapita. Gawo la kampani lija linali 7 pa 100 pa gemu imodzi, koma timu iliyonse imene mwawonjezera pa tikiti yabweretsa gawo lakelake, ndipo pa matimu 10 lafika 50 pa 100. N'chifukwa chake makampani amakonda matikiti ataliatali, amawalengeza kwambiri, ndipo ena amawonjezerapo kabonasi ukasanja matimu ambiri. Kabonasi kameneko sikafika pa theka limene achotsa kale.

Ndipo musaganize kuti pa matikiti 58 kuwina kamodziko ndi kotsimikizika. Pafupifupi munthu mmodzi pa atatu aliwonse amene agula matikiti 58 otere sawina ngakhale kamodzi. Tikiti imodzi pa sabata, chaka chathunthu n'kupitirira, osalandirako kalikonse.

Nanga matikiti 57 oluzawo amaoneka bwanji? Masamu omwewo akunena kuti pafupifupi 5 amadulidwa ndi timu imodzi yokha, pafupifupi 11 amadulidwa ndi matimu awiri, ndipo otsalawo, 41, amadulidwa ndi atatu kapena kuposerapo. Taonani bwino: kudulidwa ndi timu imodzi kumachitika kasanu pamene kuwina kwachitika kamodzi. Choncho mnyamata amene akuonetsa anzake tikiti yokhala ndi zochonga zisanu ndi zinayi ndi mtanda umodzi sakuonetsa umboni wakuti amadziwa mpira. Akuonetsa chinthu chimene chimachitikira aliyense wosanja matimu 10 amphamvu, ngakhale agogo amene sanaonerepo mpira atasankha mwachisawawa pa matimu a 1.40. Ndalama imene wataya ndi yomweyo imene wataya munthu amene matimu asanu anamudula. Kusiyana kwake n'kwakuti iyeyu watuluka ali ndi mtima wofuna kubwereranso mawa. Matikiti 41 aja amang'ambidwa n'kuiwalika, koma asanu aja amajambulidwa, kutumizidwa m'magulu, n'kukambidwa sabata yonse.

Mukadzadutsa pa shopu yobetchera madzulo magemu atatha, yang'anani pansi, kenako yang'anani pakhoma. Pansi pamakhala timapepala tambirimbiri tofinyidwa, topondedwa, tina tong'ambidwa pakati. Pakhoma pamakhala tikiti imodzi kapena ziwiri za anthu amene anawina zambiri, zomatidwa bwino pamalo oonekera. Timapepala ta pansi timasesedwa m'mawa uliwonse, koma ya pakhoma imakhalapo miyezi. Mipando, sikirini yaikulu yoonetsa mpira ulere, ndi phokoso la anzanu, zonsezo zilipo kuti mukhalitse, chifukwa munthu wokhala maola atatu pafupi ndi kauntala sangabetche kamodzi kokha.

Foni ndiye yaposa shopu. Shopu imatseka, ili patali, ndipo pali anthu amene mungachite nawo manyazi akakuonani mukulowa. Apu siitseka, ili m'thumba, imalowa nanu m'kalasi, kuchipinda, ngakhale muno m'tchalitchi. Ena ndimakuonani ulaliki uli mkati, foni ili pakati pa mawondo, chala chikukokera sikirini pansi kuti muone ngati chigoli chalowa. Ndiponso ndalama ya pafoni siipweteka potuluka ngati ndalama ya pepala imene waiwerenga ndi manja n'kuipereka pa kauntala. Umangodina kawiri, nambala n'kusintha.

Choopsa kwambiri pa apu ndi liwiro. Tikiti ya mpira weniweni imadikira mphindi 90. Koma mpira wa pakompyuta umatha m'mphindi zochepa, ndipo kandege kaja kamene kamakwera nambala ikukula mpaka kuphulika kamatha m'masekondi. Masewero oterewa nthawi zambiri amalengezedwa kuti amabweza gawo lalikulu kwa osewera. Tiyerekeze kuti akubweza 97 pa 100. Zikumveka zabwino kuposa mpira. Koma 3 pa 100 imeneyo siichotsedwa pa ndalama imene munaika mu akaunti, imachotsedwa pa ndalama iliyonse imene mwabetcha, ulendo uliwonse. Mwaika 5,000 mu akaunti, mukubetcha 1,000 ulendo uliwonse, mukuwina, mukuluza, zimene mwawina mukuzibwezeramo. Mukakwanitsa maulendo 100, ndalama zonse zimene zadutsa pa masewerowo ndi 100,000, ndipo gawo la kampani ndi 3,000 pa 5,000 yanu ija. Maulendo 100 pa kandege ndi madzulo amodzi okha. Ambiri safika n'komwe pa 100, chifukwa kuluza kotsatizana kumawapeza panjira akaunti n'kuuma.

Pa kandege anthu amakonda kuyang'ana mzere wa manambala apitawo n'kumati, "Kaphulika msanga kasanu, tsopano kakwera." Masewerowo sakumbukira zimene zachitika ulendo wapitawo. Ulendo uliwonse umayamba pawokha. Kulakwitsa kumeneku n'kwakale: mu 1913 ku kasino ya ku Monte Carlo, kampira ka gudumu la njuga kanagwera pakuda ka 26 motsatizana, ndipo anthu anataya chuma chambiri akubetchera pofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana.

Maganizo omwewa ndi amene amabala njira ija imene ambiri amaiyesa nzeru yawo yatsopano, yakuti ukaluza uziwirikiza. Waika 500 pa maodzi a 2.00, waluza, waika 1,000, waluzanso, waika 2,000, ndipo ukadzawina zonse zabwerera ndi phindu la 500. Imagwira ntchito maulendo ambiri, n'chifukwa chake imanyenga. Koma tsatirani mzerewo: 500, 1,000, 2,000, 4,000, 8,000, 16,000, 32,000. Ukaluza kasanu ndi kawiri motsatizana wataya 63,500, ndipo kuti upitirize ukufunika 64,000 ina, zonsezi pofuna phindu la 500. Pa masewero obweza 97 pa 100, kuluza kotereku kumachitika pafupifupi kamodzi pa mizere 100. Ndiye kuti umatolera ma 500 ako pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 50,000, kenako usiku umodzi zonse n'kupita, n'kuwonjezerapo zina. Usiku umenewo ndi umene fizi imadyedwa, ndalama ya lendi imalowa, kapena ndalama imene munthu anatumidwa kukapereka kwinakwake siifika. Achinyamata amene agwa m'ngongole zazikulu, ambiri sanagwe pofuna kulemera. Anagwa pofuna kubweza zimene anataya dzulo, makolo kapena abwana asanadziwe.

Za bonasi ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi khomo limene ambiri analowera. Apu imati ikani 5,000 tikupatsani 5,000 ina. Ndalama imeneyo simungaitape pomwepo. Pansi pake pamakhala malamulo a tizilembo ting'onoting'ono, ndipo amasiyana kampani ndi kampani, koma kapangidwe kake n'kofanana: muyenera kuyamba mwabetcha ndalamazo kangapo, pa maodzi osachepera akutiakuti, masiku asanathe. Tiyerekeze kuti akuti 10,000 yonseyo muibetche kasanu, pa matikiti a matimu atatu. Zimenezo ndi 50,000 yodutsa pa matikiti amene gawo la kampani ndi pafupifupi 19 pa 100, ndiye kuti pafupifupi 9,500. Mwa 10,000 ija, chotsala n'chochepa zedi, ndipo theka la zimene zapitazo inali ndalama yanu yeniyeni. Batani lija lolembedwa Cash Out, lokulolani kutapa ndalama pa tikiti magemu asanathe, nalonso lili ndi mtengo wake, chifukwa ndalama imene amakupatsani mukalidina imakhala yochepera mtengo weniweni wa tikitiyo pa nthawiyo. Mwalipira polowa, mwalipiranso potuluka.

Palinso anthu ogulitsa "magemu okonzedwa kale" m'magulu a pafoni. Njira yawo imodzi ndi iyi. Ali ndi manambala a anthu 900. Anthu 300 awauza kuti iwina timu ya pakhomo, 300 ena kuti afanana mphamvu, 300 otsalawo kuti iwina yochokera kwina. Gemu ikatha, gulu limodzi lauzidwa zoona. Anthu 300 amenewo awagawanso patatu pa gemu ina, kutsala 100, kenako kachitatu, kutsala pafupifupi 33. Anthu 33 amenewa aona ndi maso awo munthu akulosera molondola katatu motsatizana, ndipo akauzidwa kuti gemu yachinayi ndi yolipira, amalipira mosakayika. Munthu wodziwadi zotsatira za gemu sangavutike kukupemphani kandalama kanu.

Mwina wina akuti, "Koma ine ndimawina, m'thumba mwanga ndikudziwa." Pali njira imodzi yokha yodziwira, ndipo si kukumbukira, chifukwa mutu umasunga tsiku lowina n'kutaya masiku oluza. Tsegulani mbiri ya akaunti imene mumatumizira ndalama, ya kubanki kapena ya pafoni, mubwerere m'mbuyo miyezi itatu. Tengani pepala, mulembe mizere iwiri: zonse zimene munatumiza ku kampani yobetcha, ndi zonse zimene munatapa n'kufikadi m'manja mwanu. Ndalama imene munawina n'kuibetchanso musaiwerengere, chifukwa sinafike kwa inu. Muwonjezere zimene munapereka pa kauntala ya shopu, ndi zodula potumiza. Mukachotsera, nambala imene ituluke ndiyo yoona. Mwa onse amene akhala pansi n'kuchita zimenezi ine ndikuona, chodabwitsa sichinali chakuti aluza, koma kukula kwa nambalayo poyerekeza ndi imene ankaganiza.

Tsopano kwa amene zafika povuta. Kubetcha kukhoza kusanduka matenda, ndipo awa si mawu oopseza a kutchalitchi. Mu 2013 madokotala a zamaganizo a ku America anaika vuto la njuga m'gulu limodzi ndi la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse nalo limaliwerengera ngati matenda. Zizindikiro zake mukhoza kuziona pa inu nokha kapena pa mnzanu. Ndalama imene inkasangalatsa kale sikusangalatsanso, pakufunika yokulirapo. Munthu wayesapo kusiya koma walephera, ndipo akayesa amakhala wosakhazikika, wopsa mtima msanga. Akaluza amabwerera mawa kuti akabweze. Wayamba kunama za kumene ndalama zapita, akubwereka kwa uyu kuti abweze kwa uja, zinthu za m'nyumba zikusowa, foni ikupita ku chikole n'kubwerera. Akudzuka usiku kubetchera ligi ya dziko limene sakudziwa n'komwe matimu ake. Chizindikiro chimene ine ndimachiopa kuposa zonse ndi kubetcha pofuna kuiwala nkhawa, chifukwa pamenepo ndalama sizilinso nkhani yaikulu, munthuyo akufuna kungokhala mkati mwa masewero.

Amene akufuna kusiya, ndondomeko ya zochita ndi yofunika, chifukwa ambiri amayambira kumapeto. Amafufuta apu Lamlungu atakhudzidwa ndi ulaliki, Lachitatu n'kuiikanso, popeza akaunti ikadalipo ndipo kuika apu ndi nkhani ya mphindi imodzi. Yambani ndi kutapa ndalama zonse zimene zili mu akaunti, ngakhale zochepa bwanji, ndipo musati "ndingomaliza kotsalaka". Kenako, apu ikadali pafoni, fufuzani malo olembedwa Responsible Gambling kapena Self-exclusion, pamene munthu amatha kudzitsekera yekha akaunti kwa nthawi imene wasankha. Makampani ambiri ovomerezeka ali nawo, ngakhale amawabisa pansi penipeni. Sankhani nthawi yaitali kuposa zonse imene ilipo, osati sabata imodzi. Ngati malowo palibe, lemberani kampaniyo uthenga kuti atseke akaunti chifukwa cha vuto la njuga, ndipo musunge chithunzi cha uthengawo. Chitani zimenezi pa akaunti iliyonse, chifukwa wobetcha weniweni sakhala ndi imodzi. Mukatero ndiye mufufute maapu, mutuluke m'magulu a maodzi, mutseke manambala amene amakutumizirani mauthenga. Mauthengawo adzabwera ndithu, ndipo kawirikawiri amabwera ndi tikiti yaulere pamene mwakhala chete masiku angapo. Chitani zonsezi munthu wina ali pambali panu, chifukwa nokha mudzasiyako akaunti imodzi "yongoonera maodzi".

Gawo lachiwiri ndi ndalama, ndipo ndi limene limachititsa manyazi. Kwa miyezi ingapo yoyambirira, ndalama zisakhale kwa inu. Pezani munthu mmodzi wokhulupirika, kholo, mkulu wanu, kapena mkulu wa mpingo, amene malipiro, fizi kapena phindu la geni lizifikira kwa iye tsiku lomwelo, inu n'kumatenga zogwiritsa ntchito tsiku limenelo basi. Mu akaunti ya pafoni musasiyemo kanthu usiku, ndipo njira zobwerekera ndalama pafoni muzitseke. Chilakolako cha kubetcha chimabwera mwamphamvu koma sichikhalitsa pa msinkhu womwewo. Chikapeza ndalama palibe, chimatsika chokha. Chikapeza ndalama ili pafupi, mphindi ziwiri ndi zokwanira. Dziwaninso maola anu oopsa. Kwa ambiri ndi tsiku lolandira ndalama, Loweruka masana magemu asanayambe, ndi usiku pogona. Maola amenewo muwakonzere chochita ndi anthu, foni izigona chipinda china, ndipo ngati kuonera mpira kukukubwezerani m'mbuyo, muupumire kaye nyengo imodzi, makamaka wa m'shopu.

Ngongole zilembedwe zonse pa pepala limodzi: dzina, kuchuluka kwake, ndi chiwongoladzanja. Zonse, osati zokhazo zimene zadziwika kale. Ngongole imodzi yobisika ndi yokwanira kumubwezera munthu ku apu, chifukwa amaona kuti njira yokhayo yoibwezera mwachinsinsi ndi kuwina. Yambani kubweza ya katapila ndi ina iliyonse yokula msanga, ndipo enawo mukawauze zoona ndi kuwapempha kubweza pang'onopang'ono. Buku la Miyambo 22:7 limanena kuti wobwereka amakhala kapolo wa wom'bwereka, ndipo amene wagona usiku akuopa kulira kwa foni yake sasowa womumasulira vesi limenelo.

Kwa makolo ndi anzawo a anthu oterewa, cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kumubwezera ngongole zonse mwakamodzi, mwachinsinsi, kuti banja lisachite manyazi. Zimachokera m'chikondi, koma zotsatira zake n'zakuti munthuyo wayera, anthu ayambanso kumukongoza, ndipo pakapita miyezi ingapo ngongole yabwerera yokulirapo. Ngati muthandiza, perekani ndalamayo mwachindunji kwa mwini ngongole kapena kusukulu, osati m'manja mwake, ndipo iye akhale ndi gawo limene akubweza yekha. Musamubwereke foni yanu kapena chiphaso chanu kuti atsegulire akaunti, makamaka ang'onoang'ono amene sanakwane zaka zimene lamulo limalola, zimene m'maiko ambiri ndi 18. Akagwanso, pakuti ambiri amagwa kamodzi kapena kawiri asanasiyiretu, funso lothandiza ndi lakuti ndalama inachokera kuti ndipo khomo liti linatsala lotsegula, n'kulitseka.

Pali chinthu chimodzi chimene musadikire nacho. Munthu amene wataya ndalama zambiri, makamaka za eni ake, akayamba kunena kuti bola kufa, kuti aliyense apumula iye akachoka, kapena akayamba kutsanzika mosadziwika bwino, musazitenge ngati nthabwala ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Khalani naye, musamusiye yekha, uzani wamkulu tsiku lomwelo, ndipo apite naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zamaganizo. Vuto la njuga limayendera limodzi ndi maganizo odzipha kawirikawiri kuposa momwe anthu amaganizira. Pemphero tipemphera, ndipo kwa dokotala tipitanso.

Ndipo pa ndalama za gulu lathu lino, kapena za kwaya, kapena za gulu lililonse limene mmodzi wa inu ndi msungichuma, kuyambira lero pazikhala anthu awiri osainira, ndalama zisagone mu akaunti ya pafoni ya munthu mmodzi, ndipo buku liziwerengedwa pamaso pa onse mwezi uliwonse. Ngati pali wina amene ndalama zoterezi zadutsa kale m'manja mwake n'kulowa mu apu, asayese kuzibweza ndi tikiti ya Loweruka likubwerali. Abwere tikambirane mapemphero akatha, atatenga pepala la mizere iwiri lija, ndipo tikaonana ndi komiti limodzi.